Mafunso ndi mayankho: kodi zizindikiro za Fairtrade ndi Direct Trade zimafikitsa ndalama zingati kwa mlimi?

Amene mumagula khofi, tiyi, shuga kapena chokoleti m'masitolo akuluakulu a ku Ulaya, ku America kapena ku Joni mwaziwona zizindikirozi. Paketi ina ili ndi kabwalo kobiriwira ndi kabuluu, ina ili ndi chule, ina yangolembedwa kuti katunduyu tinagula kwa mlimi mwachindunji. Zonse zimaoneka ngati zikulonjeza chinthu chimodzi, koma malonjezo ake ndi osiyana kwambiri, ndipo ena si malonjezo n'komwe. Mayankho ali m'munsiwa atsamira kwambiri pa khofi chifukwa ndi mbewu imene mitengo yake imalengezedwa poyera, koma tiyi wa ku Mulanje ndi nzimbe za ku Chikwawa zibweramo pamene nkhaniyo ikuzikhudza.

Kodi chizindikiro cha Fairtrade chimalonjeza chiyani kwenikweni?

Pa nkhani ya ndalama chimalonjeza zinthu ziwiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa chifukwa zimayenda njira zosiyana.

Choyamba ndi mtengo wotsikitsitsa umene wogula saloledwa kutsika nawo. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2023, bungwe la Fairtrade International linaika mtengowu pa $1.80 pa paundi imodzi ya khofi wa Arabica wotsukidwa. Paundi imene tikunena pano ndi muyeso wa kulemera, magalamu 454, si ndalama ya ku Britain. Ndiye kuti kilogalamu imodzi imafika pafupifupi $3.97. Mtengowu usanakwezedwe unali $1.40, ndipo unakhala pamenepo kuyambira 2011. Khofi wolimidwa popanda feteleza ndi mankhwala a m'fakitale, amene ali ndi satifiketi yake, amawonjezeredwa masenti 40 pa paundi. Mtengo wa pamsika wa dziko lonse ukatsika kufika pansi pa $1.80, wogula wa Fairtrade amalipirabe $1.80. Ukakwera kupitirira pamenepo, amalipira wa pamsikawo.

Chachiwiri ndi ndalama yapamwamba, imene alimi ambiri kwathu amangoitchula kuti pulimiyamu. Pa khofi ndi masenti 20 pa paundi iliyonse, ndipo imalipidwa kaya msika wakwera kaya watsika. Ndalamayi silowa m'thumba la mlimi mmodzimmodzi pokhapokha gulu litagwirizana kutero. Imapita ku akaunti ya kopaletivi, ndipo mamembala amavotera ntchito yake pa msonkhano waukulu wa pachaka.

Kuwonjezera apo pali malamulo: kopaletivi iziyendetsedwa mwa chisankho, ana asagwiritsidwe ntchito zowalepheretsa sukulu, mankhwala ena oopsa asathiridwe m'munda. Kampani yotchedwa FLOCERT ndi imene imatumiza anthu okayendera mabuku ndi minda, ndipo ili ndi mphamvu yoimitsa kapena kulanda satifiketi.

Zinayambira kuti?

Chizindikiro choyamba chinatuluka ku Netherlands mu 1988 ndi dzina loti Max Havelaar. Anachiyambitsa ndi wansembe Frans van der Hoff, amene ankakhala pakati pa alimi a khofi a kopaletivi ya UCIRI ku Oaxaca, m'dziko la Mexico, pamodzi ndi Nico Roozen wa bungwe la Solidaridad. Chaka chotsatira, mu 1989, mgwirizano wa mayiko umene unkaletsa kuti khofi asasefukire pamsika unatha, ndipo mitengo inagwa koopsa. M'zaka zimenezo m'pamene ganizo la mtengo wosatsika linafala m'mayiko ena a ku Ulaya. Mabungwe a m'mayikowo anaphatikizana mu 1997, likulu lawo n'kukhala ku Bonn m'dziko la Germany, ndipo chizindikiro chimene tikuchidziwa lero, cha munthu wokweza mkono pakati pa mtundu wabuluu ndi wobiriwira, chinayamba mu 2002.

Ndikalipira zambiri m'sitolo, kodi zowonjezerazo zimapita kwa mlimi?

Ayi, ndipo apa m'pamene ogula ambiri a mtima wabwino amasokera. Fairtrade silamula mtengo wa pashelefu. Mwini sitolo akhoza kuika mtengo uliwonse umene akuona kuti anthu agula. Chimene chimalamulidwa ndi mtengo wa khofi wosakazinga atafika padoko la dziko limene walimidwa, atakwezedwa m'sitima. M'makalata a malonda mtengo umenewu umalembedwa kuti FOB.

Titenge paketi ya khofi wokazinga ya magalamu 250. Khofi akamakazingidwa amapepuka chifukwa madzi amatuluka, moti kuti mupeze kilogalamu imodzi ya wokazinga pamafunika pafupifupi makilogalamu 1.19 a wosakazinga. Paketi yathuyo ndiye kuti inachokera ku magalamu pafupifupi 300, amene ndi magawo awiri mwa atatu a paundi. Pa mtengo wa $1.80, kopaletivi inalandira pafupifupi $1.18 pa paketi imeneyo, ndipo pulimiyamu yake ndi masenti 13. Kaya paketiyo mwaigula $5 kaya $9, zimene zinapita kwa alimi ndi zomwezo. Zotsalazo zagawanika pakati pa sitima, wokazinga, wopanga mapaketi, msonkho, sitolo, komanso chiphaso chimene kampani imalipira kuti iike chizindikirocho.

Ndipo $1.18 ija si ya mlimi yonse. Mlimi amathyola zipatso zofiira, ndipo pamafunika makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatsozo kuti patuluke kilogalamu imodzi ya khofi wopita kunja. Kopaletivi imayamba yachotsa ndalama zomenyera makoko, zotsukira, zoyanikira, zosankhira, matumba, malipiro a antchito ake, chiwongoladzanja cha ngongole ya ku banki ndi mayendedwe. Kwa dziko lopanda doko ngati Malawi, mayendedwe opita ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam amadya gawo looneka. Zotsala pamenepo ndi zimene zimagawidwa kwa mamembala.

Phunziro lake kwa wogula ndi losavuta. Ngati pashelefu pali mapaketi awiri, onse ali ndi chizindikiro chenicheni cha Fairtrade ndipo khofi wake ndi wofanana, kugula wodulayo sikuwonjezera kanthu kwa mlimi. Chimene chimawonjezera ndi kuchuluka kwa makilogalamu ogulidwa pa malamulo amenewa.

Nanga n'chifukwa chiyani alimi ambiri a m'makopaletivi a Fairtrade akadali osauka?

Chifukwa chachikulu sichioneka papaketi. Kukhala ndi satifiketi sikutanthauza kuti mbewu yonse igulidwa pa mtengo wa Fairtrade. Satifiketi imangopereka chilolezo. Wogula ndi amene amasankha kuti kontena iyi ndikuigula pa malamulo a Fairtrade, iyo ayi. Khofi amene ali ndi satifiketi padziko lonse ndi wochuluka kuposa amene ogula akumufuna, moti wosafika theka ndi amene amagulitsidwa pa malamulowo. Pa tiyi gawolo ndi laling'ono kwambiri kuposa pamenepo.

Tiyerekeze kopaletivi ya alimi 400 imene yakolola mapaundi 100,000 a khofi wopita kunja. Manambalawa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Chaka chimenecho msika wagwa, paundi ikugulidwa $1.20. Ogula a Fairtrade atenga mapaundi 30,000 okha, otsalawo agulitsidwa pamsika wamba.

Pa mapaundi 30,000 aja, kopaletivi yapeza masenti 60 owonjezera pa paundi iliyonse, zonse pamodzi $18,000. Pulimiyamu ndi $6,000. Koma mlimi sabweretsa khofi wolembedwa kuti uyu ndi wa Fairtrade uyu ayi. Khofi yense amalowa pa sikelo imodzi, ndipo kopaletivi imagawa phindu kwa onse. Mukawerengera mbewu yonse, mtengo wapakati ukhala $1.38 pa paundi, osati $1.80. Pa mlimi mmodzi, zowonjezera zija zikwana $45 pa chaka, ndipo gawo lake la pulimiyamu ndi $15. Pamenepo sitinachotse ndalama zimene kopaletivi imalipira chaka ndi chaka kuti isunge satifiketi, komanso malipiro a kalaliki wosunga mabuku amene oyendera amafuna kuona. Ndalama za satifiketizo sizitsika chifukwa choti mwagulitsa pang'ono.

$45 si yochepa kwa banja la kumudzi m'chaka cha mitengo yoipa. Ikhoza kugula thumba la chimanga m'miyezi ya njala kapena kulipirira mwana teremu. Koma sichotsa banja mu umphawi. Pali chifukwa chinanso chimene chizindikiro chilichonse sichingathetse: munda ukakhala wa theka la hekitala ndipo mitengo yake ndi yokalamba, ngakhale mtengo utawirikiza, ndalama ya pachaka imakhalabe yaing'ono. Bungwe la Fairtrade lenilenilo limavomereza kuti mtengo wake wotsikitsitsa ndi chitetezo chabe. N'chifukwa chake linayamba kulengeza mtengo wina wokwererapo, woti mlimi wa koko kapena wa khofi m'mayiko ena angapezere moyo wokwanira. Koma mtengo umenewo ndi wongolimbikitsa, ndipo makampani amene amaulipira, monga Tony's Chocolonely ya ku Netherlands pa koko, amachita mwa kufuna kwawo.

Mitengo ya pamsika ikakwera, chizindikirochi chimakhalabe ndi ntchito?

Ntchito yake imachepa. Mu 2019 khofi wa Arabica anatsika kufika pansi pa dola imodzi pa paundi pamsika wa ku New York, ndipo nthawi imeneyo mtengo wotsikitsitsa unali chipulumutso chenicheni kwa amene anali ndi ogula. Kumayambiriro kwa 2025 khofi yemweyo anadutsa $4. Pa mtengo wotero, $1.80 ilibe chimene ikuteteza, ndipo chotsala ndi masenti 20 a pulimiyamu basi. M'chitsanzo chathu chija, kopaletivi ikanangopeza $6,000 yowonjezera.

Chodabwitsa n'chakuti zaka za mitengo yokwera n'zimene zimavutitsa makopaletivi. Mavenda amafika pakhomo ndi ndalama m'manja, pamene kopaletivi nthawi zambiri imalipira kawiri: pang'ono polandira mbewu, zotsala ikagulitsa. Mlimi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu sangadikire miyezi inayi. Amagulitsa kumbali, ndipo kopaletivi imalephera kudzaza kontena imene inalonjeza. Malamulo a Fairtrade amafuna kuti wogula athandize kopaletivi kupeza ndalama zoyambira mbewu isanatumizidwe, ndipo kwa ine mfundo imeneyi ndi yofunika mofanana ndi mtengo weniweniwo, ngakhale kuti sikambidwa kawirikawiri.

Pulimiyamu imagwiradi ntchito? Kwathu kuno ilipo?

Ilipo, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene dzina lake limapezeka pa katundu wa Fairtrade ku Britain. Alimi a nzimbe a Kasinthula ku Chikwawa analandira satifiketi mu 2002. Alimi a tiyi a Sukambizi ku Mulanje, amene amagulitsa masamba awo ku fakitale za esiteti ya Lujeri, anailandira mu 2008. Palinso esiteti ya Satemwa ku Thyolo, alimi a khofi a Mzuzu Coffee kumpoto, ndi alimi a mtedza a ku Mchinji.

Mbewu zimenezi malamulo ake si ofanana ndi a khofi. Shuga alibe mtengo wotsikitsitsa wa Fairtrade. Ali ndi pulimiyamu yokha, $60 pa tani imodzi. Tiyi pulimiyamu yake ndi masenti 50 pa kilogalamu ya tiyi wopangidwa kale, ndipo kilogalamu imeneyo imatuluka m'makilogalamu opitirira anayi a masamba aawisi amene mayi wathyola n'kusenza m'dengu. Bokosi la timatumba 80 ta tiyi, lolemera magalamu 250, limabweretsa pulimiyamu ya masenti 12 kapena 13. Payokha ndi kandalama kochepa, koma sitolo imodzi yaikulu ikamagula matani mazanamazana, imafika pomanga chinthu chooneka. Ku Kasinthula pulimiyamu inakumba mijigo ndi kukokera magetsi m'midzi. Ku Sukambizi inamanga milatho ndi midadada ya sukulu. Amene anayendako m'munsi mwa phiri la Mulanje nthawi ya dzinja akudziwa kuti mlatho kumeneko ndi umene umasiyanitsa masamba ofika pa sikelo ali abwino ndi masamba opserera m'dengu mtsinje utadzaza.

Mavuto ake nawonso ndi odziwika. Ndalama ya gulu imakopa anthu, ndipo komiti ikakhala ya anthu omwewomwewo zaka zambiri, mamembala wamba amangomva kuti ndalama inabwera ndipo inatha. Palinso mkangano wosatha pakati pa ofuna chitukuko cha onse ndi ofuna kugawana ndalamayo m'manja. Onsewo ali ndi mfundo. Ndipo pali funso limene alimi ena amafunsa moyenera: mjigo ndi sukulu ndi udindo wa boma, bwanji zimangidwe ndi thukuta la mlimi wa tiyi? Kopaletivi yoyenda bwino imadziwika ndi zinthu wamba: msonkhano wa pachaka umachitikadi, malipoti a ndalama amawerengedwa pagulu m'chilankhulo chimene anthu akumva, ndipo atsogoleri amasinthidwa nthawi yawo ikatha.

Pa paketi ina chizindikirocho chili ndi kamuvi pambali. Kamatanthauza chiyani?

Kamuviko kakukuuzani kuti mutembenuze paketi muwerenge kumbuyo, ndipo pamakhala zifukwa ziwiri.

China n'chakuti katunduyo ndi wosakaniza, monga chokoleti kapena mabisiketi. Lamulo limati chilichonse chimene chingapezeke cha Fairtrade, monga koko, shuga ndi vanila, chikhale cha Fairtrade, ndipo zonse pamodzi zisachepere magawo 20 pa 100 a katunduyo. Kumbuyoko amalemba kuchuluka kwake.

China n'chakuti mbewuyo inasakanizidwa ndi ina yopanda satifiketi pofika ku fakitale. Izi zimaloledwa pa koko, shuga, tiyi ndi madzi a zipatso, ndipo papaketi amalemba mawu oti mass balance. Nzimbe za ku Kasinthula ndi chitsanzo chabwino. Zimakafinyidwa ku fakitale ya ku Nchalo pamodzi ndi nzimbe za m'minda ina, ndipo palibe angaimitse makina kuti atsuke n'kufinya za alimi ang'onoang'ono pazokha. Choncho chimene chimawerengedwa ndi kuchuluka. Kampani ikagula matani 100 pa malamulo a Fairtrade, imaloledwa kugulitsa matani 100 okha ndi chizindikirocho. Shuga amene ali m'kapu yanu mwina sanachokere m'munda wa membala, koma pulimiyamu inalipidwa yonse. Ngati cholinga chanu ndi ndalama ya mlimi, kusakanizaku sikukuberani kanthu. Khofi ndi nthochi sizisakanizidwa chotere, zimalondoledwa kuchokera ku kopaletivi mpaka pashelefu.

Mukaona chizindikiro cha maziko oyera chotchula mbewu imodzi pambali pake, monga koko, ndiye kuti mbewu imeneyo yokha ndi imene yagulidwa pa malamulo a Fairtrade. Shuga wa m'chokoleti chimenecho akhoza kukhala wamba.

Nanga chule uja, ndi zizindikiro zina zofanana nazo?

Chule wobiriwira ndi wa Rainforest Alliance, bungwe limene linaphatikizana ndi UTZ, bungwe lina lopereka masatifiketi otere, mu 2018. Mphamvu yake ili pa kasamalidwe ka nkhalango, nthaka, madzi ndi antchito. Limafuna kuti wogula awonjezere kandalama pamwamba, koma liribe mtengo wotsikitsitsa woteteza mlimi msika ukagwa. Ndi chizindikiro chenicheni chokhala ndi oyendera, koma funso limene chikuyankha si la mtengo.

Ku America mupeza chizindikiro cha Fair Trade Certified. Ndi cha bungwe la Fair Trade USA, limene linapatukana ndi Fairtrade International kumapeto kwa 2011. Nkhani inawagawanitsa inali ya maesiteti: a ku America anafuna kuti minda ikuluikulu ya khofi izilandiranso satifiketi, pamene Fairtrade International imapereka satifiketi ya khofi kwa magulu a alimi ang'onoang'ono okha.

Chizindikiro cha WFTO, bungwe la World Fair Trade Organization, sichiyang'ana mbewu imodzi koma bizinesi yonse, ndipo chimapezeka kwambiri pa ntchito zamanja monga madengu, nsalu ndi zosema.

Gulu lofunika kusamala nalo ndi la zizindikiro zimene makampani amadzipangira okha. Cadbury inalengeza mu 2016 kuti isiya chizindikiro cha Fairtrade pa chokoleti chake n'kuika pulogalamu ya kampani yake yotchedwa Cocoa Life. Mu 2017 sitolo ya Sainsbury's ku Britain inayamba kugulitsa tiyi wake wina ndi mawu oti Fairly Traded, ndipo alimi a tiyi a mu Africa anadandaula poyera chifukwa mphamvu yovomereza ntchito ya pulimiyamu inachoka m'manja mwawo. Mapulogalamu otere akhoza kuchita zabwino, koma wolemba malamulo ndi wogula yemweyo. Ku Fairtrade International, alimi ndi antchito ali ndi theka la mavoti pa msonkhano waukulu wa bungwelo. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu ngakhale mawu a papaketi akumveka ofanana.

Tsono Direct Trade ndi chiyani?

Si satifiketi. Palibe bungwe limene limayang'anira mawuwa, palibe lamulo lonena tanthauzo lake, ndipo aliyense akhoza kuwasindikiza papaketi mawa m'mawa.

Mawuwa anatchuka m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 kudzera mwa okazinga khofi a ku America monga Intelligentsia ya ku Chicago, Stumptown ya ku Portland ndi Counter Culture ya ku Durham. Dandaulo lawo linali lomveka. Mtengo wa Fairtrade sulipira ubwino wa khofi: mlimi wothyola zipatso zakupsa zokhazokha ndi mlimi wosakaniza zaziwisi amalandira mofanana pa sikelo ya kopaletivi. Komanso mlimi payekha, amene sali m'gulu, sangalandire satifiketi ya khofi ngakhale atalima bwino chotani. Okazingawa anayamba kupita okha kuminda, kulawa khofi, kugwirizana mtengo ndi mlimi kapena ndi malo otsukira, n'kumabwerera chaka ndi chaka. Intelligentsia inalengeza kuti izilipira mtengo woposa wa Fairtrade ndi magawo osachepera 25 pa 100.

Akatswiri olawa amapereka mamalikisi pa 100, ndipo khofi wofika 80 kupita m'mwamba ndi amene amatengedwa kuti ndi wapamwamba. Pa khofi wotere, wogula woona mtima akhoza kulipira kawiri kapena katatu kuposa mtengo wotsikitsitsa wa Fairtrade. Mlimi amene wapeza wogula wotero amapezadi zambiri kuposa zimene chizindikiro chilichonse chingamupatse.

Koma mawu oti mwachindunji asakupusitseni. Wokazinga wamng'ono sakweza yekha matumba m'sitima. Pamakhalabe kampani yotumiza kunja, yolandira kudoko ndi yobwereketsa ndalama, ndipo ntchito yawo ndi yofunika. Chimene chimakhala chachindunji, zikakhala zoona, ndi kukambirana mtengo.

Ndingadziwe bwanji kuti Direct Trade imene ndikuwerengayo ndi yoona?

Chithunzi cha mlimi akumwetulira si umboni. Umboni ndi manambala, ndipo wogulitsa woona savutika kuwapereka. Makampani ena, monga Counter Culture, amatulutsa lipoti chaka ndi chaka losonyeza mtengo umene analipira pa khofi aliyense.

Funso loyamba ndi la mtengo, ndipo lifunsidwe mpaka pansi: mtengo umenewu ndi wa padoko kapena ndi umene mlimi analandira pakhomo? Kampani ikanena kuti inalipira $3.50 pa paundi, nthawi zambiri ikunena wa padoko. Ngati khofiyo anagulidwa kwa mwini malo otsukira amene amagula zipatso kwa alimi mazana angapo, n'zotheka kuti alimiwo analandira mtengo wamba wa m'deralo, ndipo phindu lonse linatsala kwa mwini makina. Wogulitsa wodziwa ntchito yake amatha kukuuzani kuti kilogalamu ya zipatso inagulidwa zingati mu ndalama ya dzikolo, ndiponso kuti mavenda ankagula zingati nyengo yomweyo. Samalaninso ndi mawu oti timalipira kuposa Fairtrade. M'chaka chimene msika uli pa $3 kapena $4, aliyense akulipira kuposa $1.80, ngakhale venda.

Funso lachiwiri ndi la kuchuluka. Wokazinga akhoza kugula matumba khumi okha abwino kwambiri pa mtengo wokwera, pamene mlimi wakolola matumba 200. Otsalawo, atachotsedwa abwino aja, amakagulitsidwa motchipa. Ogula oganiza bwino amatengako ndi khofi wapakati.

Lachitatu ndi la zaka. Mwagula kwa alimi amenewa kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo chaka chimene mvula inavuta kapena chiwawu chinagwira masamba, khofi n'kutsika mamalikisi, munatani? Apa m'pamene pali kufooka kwenikweni kwa njira imeneyi. Mlimi amawononga ndalama zambiri pa aganyu othyola mosamala ndi pa matebulo oyanikira podalira wogula mmodzi, ndipo wogulayo akasintha maganizo palibe kokadandaula.

Ndiye chabwino n'chiti pa ziwirizi?

Zimayankha mavuto osiyana. Pa katundu wa tsiku ndi tsiku wa m'sitolo yaikulu, monga timatumba ta tiyi, shuga, nthochi, khofi wosungunula ndi chokoleti, ine ndimasankha chizindikiro cha Fairtrade mosakayika. Pamenepo mulibe njira yofunsira wina aliyense, ndipo malamulo olembedwa okhala ndi woyendera amaposa mawu okoma a kampani. Ogula akachuluka, gawo lija la mapaundi 30,000 limakula, ndipo phindu la mlimi limakula nalo popanda ndalama za satifiketi kukwera.

Pa khofi wodula wa kwa wokazinga wamng'ono, amene mungathe kumulembera kapena kulankhula naye pakauntala, Direct Trade yokhala ndi manambala poyera ikhoza kufikitsa zambiri kwa mlimi. Yopanda manambala muiyese ngati khofi wamba. Ndipo ziwirizi sizitsutsana: pali okazinga amene amagula kwa makopaletivi a satifiketi, amalipira pulimiyamu, n'kuwonjezeranso mtengo wa ubwino pamwamba.

Bwanji za aganyu ndi antchito a m'minda?

Apa zizindikiro zonse ziwiri n'zofooka, ndipo si bwino kubisa. Mu 2014 ofufuza a ku SOAS, sukulu ya ukachenjede ya ku London, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa zaka zingapo ku Ethiopia ndi ku Uganda. Anapeza kuti anthu olembedwa ganyu m'madera a khofi, tiyi ndi maluwa a Fairtrade sankalandira zambiri kuposa anzawo a m'madera ena, ndipo m'malo ena ankalandira zochepa. Bungwe la Fairtrade linatsutsa mbali zina za kafukufukuyo, koma funso limene anadzutsa ndi lenileni. Membala wa kopaletivi ndi mwini munda. Wosauka kwambiri m'mudzi nthawi zambiri ndi mayi wopanda munda amene amathyola m'munda mwa membalayo, ndipo dzina lake silipezeka m'buku lililonse limene woyendera amatsegula.

Pa maesiteti a tiyi, maluwa ndi nthochi zinthu n'zosiyanako. Kumeneko pulimiyamu ndi ya antchito, imayendetsedwa ndi komiti yosankhidwa ndi antchitowo, ndipo malamulo amateteza ufulu wolowa m'bungwe la apantchito. Koma satifiketi simatanthauza kuti malipiro afika pokwanira moyo wa banja. Amayambira pa malipiro ovomerezeka a m'dzikolo kapena a m'gawo la ulimiwo, ndipo pa tiyi malipiro amenewo ndi otsika m'mayiko ambiri.

Ndili ku Malawi kapena ku Zambia, kumene zizindikirozi sizioneka kawirikawiri. Ndingatani?

Zizindikirozi zinapangidwira wogula amene ali kutali ndi munda. Inu muli pafupi, ndipo mafunso atatu aja mukhoza kuwafunsa pamaso. Katundu wa makopaletivi ali m'masitolo athu ndi dzina la eni ake, monga khofi wa Mzuzu, ndipo phindu la kukazinga ndi kulongedza limatsala m'manja mwa bungwe la alimi m'malo mopita kunja. Paketi ya pamsika wa kuno ikakhala yopanda chizindikiro, sizitanthauza kuti alimiwo aberedwa. Kuika chizindikiro kumalipiridwa, ndipo ogula ochifuna kuno ndi ochepa.

Mukamagula mpunga, nyemba kapena mtedza wambiri, wa pasukulu, pa lesitilanti kapena wa pamwambo, mukhoza kugwirizana ndi kalabu ya alimi mbewu isanakololedwe. Mtengo wotsikitsitsa umene boma limalengeza chaka chilichonse ukhale poyambira kukambirana, osati pothera. Gwiritsani ntchito sikelo imene nonse mwaiyesa ndi chinthu chodziwika kulemera kwake, chifukwa mlimi amaberedwa pa sikelo kuposa pa mtengo. Lipirani tsiku lomwe mwanyamula katundu, ndipo ngati mungathe perekani gawo lina mu Januwale kapena Febuluwale, nthawi imene mlimi amakakamizika kugulitsa mbewu ikadali m'munda pa mtengo wolira. Lembani mgwirizanowo papepala, makilogalamu, mtengo ndi tsiku, aliyense asunge lake.